Kanema wanu asanakwere pa intaneti, yang'anani dzina la fayilo ndi zam'kati mwake

Pa YouTube pali makanema ambirimbiri omwe mutu wawo ndi "VID 20240817 WA0007" kapena "MVI 0042". Ena ndi a makwaya oimba mogwira mtima, ena ndi a maukwati omwe anthu anatayirapo ndalama zambiri. Palibe amene anakhala pansi n'kusankha mitu yotereyi. Chimachitika n'chakuti mukamakweza kanema, YouTube imatenga dzina la fayilo, kuchotsako mchira wa .mp4, n'kuliika m'bokosi la mutu. Mwini kanema akakhala pachangu, mwina bandulo ikutha kapena magetsi atsala pang'ono kuthima, amangodina Next mpaka kumapeto, ndipo dzina lomwe foni inapereka limasanduka mutu wa kanema.

Vuto limeneli ndi laling'ono, chifukwa mutu mutha kuusintha mawa, ngakhale chaka chamawa. Chimene simungasinthe ndi fayilo yeniyeniyo. YouTube silola kuchotsa fayilo n'kuikapo ina pa linki yomweyo. Mukazindikira kuti zithunzi zikudumphadumpha, kapena kuti mwakweza fayilo yakale yomwe dzina la abusa linalembedwa molakwika, njira ndi imodzi: kufufuta n'kukwezanso. Linki imakhala yatsopano, chiwerengero cha owonera chimayambira pa ziro, ndipo onse omwe munawatumizira linki yoyamba ija apeza palibe kanthu. Bandulo nayo mwagula kawiri. N'chifukwa chake ntchito yoyang'ana fayilo iyenera kuchitika fayiloyo ikadali pa kompyuta panu.

Tiyerekeze kuti mnyamata wojambula makanema wajambula kwaya ya amayi ku Dedza Loweruka pa 17 Ogasiti 2024. Wadula, walumikiza, ndipo kanema womaliza ndi wa mphindi 20. Amayiwo akufuna akwere pa YouTube kuti ana awo omwe ali ku Joni awonere, komanso akufuna kope pa fulashi loti azionera pa TV ya kutchalitchi. Titsatire kanema ameneyu.

Dzina

Kamera iliyonse ili ndi katchulidwe kake. Makamera ambiri a Sony amalemba C0001.MP4, a Canon MVI_0042.MP4, iPhone IMG_4821.MOV, ndipo mafoni ambiri a Android amalemba VID_20240817_143205.mp4, pomwe muli tsiku ndi nthawi. Kanema wobwera pa WhatsApp pa foni ya Android amabwera ngati VID-20240817-WA0007.mp4, ndipo tsiku lili pamenepo ndi lomwe analowa m'foni yanu, osati lomwe anajambulidwa. Maina amenewa sanena kanthu za kwaya kapena za Dedza. Choopsa kwambiri n'chakuti amabwerezabwereza. Makamera awiri a mtundu umodzi pa mwambo umodzi atha kutulutsa C0001.MP4 onse awiri, ndipo mukawakopera m'foda imodzi, kompyuta ikafunsa mukangodina Replace osawerenga, nyimbo yathunthu yapita.

Komabe mafayilo ochokera m'kamerawa musawasinthe maina mutayamba kale kudula kanema. Mapulogalamu monga Premiere Pro ndi DaVinci Resolve amasunga njira yopita ku fayilo iliyonse, ndipo dzina likasintha mupeza chithunzi chofiira cholembedwa Media Offline. Kamera iliyonse ipatseni foda yakeyake, basi. Dzina lofunika kuliganizira ndi la fayilo yomaliza, yomwe ituluke m'manja mwanu. Mnyamata wathu uja akanachita bwino kuitchula motere:

```
2024-08-17_kwaya-ya-amayi_dedza_1080p25_v02.mp4
```

Tsiku layamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako deti. Ife tinazolowera kulemba 17-08-2024, ndipo pa kalata palibe vuto, koma kompyuta ikamandandalika mafayilo potsata maina imayang'ana zilembo zoyamba. Mukayamba ndi deti, kanema wa pa 3 Disembala amabwera patsogolo pa wa pa 17 Ogasiti, ndipo zaka zimasakanikirana. Mukayamba ndi chaka, foda yonse imadziyala yokha kuyambira wakale mpaka watsopano. Palinso phindu lina: 03-04-2024 kwa ife ndi 3 Epulo, koma kwa munthu wa ku America ndi 4 Malichi, pomwe 2024-04-03 sasokoneza aliyense. Kalembedwe kameneka ndi kovomerezeka padziko lonse, ndipo dzina lake ndi ISO 8601. Musadalire tsiku lomwe kompyuta imaonetsa pambali pa fayilo, chifukwa limatha kusintha mukakopera kapena mukatsitsa fayiloyo pa intaneti. Tsiku lolembedwa m'dzina limayenda ndi fayilo kulikonse.

Kumapeto kuli v02, kutanthauza kuti aka n'kachiwiri kuitulutsa. Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Foda ya wojambula aliyense muli "final", "final2", "final yeniyeni" ndi "final yeniyeni yomaliza", ndipo pakatha sabata ngakhale mwini wake sadziwa yomwe amayi a mpando anavomereza. Nambala sinama: yaikulu ndiyo yatsopano. Ziro wa kutsogoloyo ali ndi ntchito, chifukwa mapulogalamu ena amaika v10 patsogolo pa v2 poona kuti 1 amayamba asanabwere 2.

Taonaninso kuti m'dzinamo mulibe mpata, mulibe zilembo zazikulu, mulibe chizindikiro china kupatula kamzere kapakati ndi kapansi. Windows imakaniratu zizindikiro izi m'dzina la fayilo: `\ / : * ? " < > |`. Mipata imaloledwa, koma dzinalo likalowa mu linki mpata uliwonse umasanduka %20, ndipo linki imaoneka ngati yolumidwa ndi chiswe. Ife olemba Chichewa tili ndi zathu ziwiri: chilembo cha ŵ ndi kachizindikiro ka m'mawu monga ng'oma ndi m'mudzi. Makompyuta a masiku ano amazilandira, koma TV yakale kapena wailesi ya m'galimoto imatha kuonetsa timabokosi kapena zizindikiro za funso pamalo pa ŵ, ndipo kachizindikiro kaja kamasokoneza malamulo olembedwa pamanja monga omwe tione kutsogoloku. M'dzina la fayilo lembani ngoma ndi mmudzi. Kalembedwe koyenera mukasungire mutu wa pa YouTube, womwe umalola zilembo zofika 100 ndipo anthu ndiwo amauwerenga.

Pali mphekesera yoti mukadzaza dzina la fayilo ndi mawu omwe anthu amafufuza, kapena mukalemba mawuwo m'mabokosi a Tags ndi Comments pansi pa Properties mu Windows, kanema wanu akwera pamwamba anthu akamafufuza. Ine ndinganene kuti kumeneko n'kutaya nthawi. Zomwe mwalemba m'mabokosi a Windows sizilowa m'mabokosi a YouTube, ndipo owonera saliona dzina la fayilo. Amene amaliona ndi inu, mu YouTube Studio pomwe palembedwa Filename, ndipo pamenepo ndi pomwe v02 imakupulumutsani tsiku lomwe wina wafunsa kuti kodi munakweza iti.

Mchira wa dzina ndi zomwe zili m'kati

Zilembo za pambuyo pa kadontho komaliza, monga .mp4, .mov kapena .mkv, Windows imazibisa mukapanda kuiuza. Tsegulani foda iliyonse, pitani pa View, muchonge File name extensions, pa Windows 11 muyambe mwadina Show. Mukapanda kutero mudzapezeka ndi fayilo yotchedwa kwaya.mp4.mp4, kapena mudzatumiza fayilo ya .prproj, yomwe ndi ndondomeko chabe ya momwe munadulira, mulibe chithunzi ngakhale chimodzi. YouTube imaikana, ndipo mungaizindikire ndi kuchepa kwake: kanema wa mphindi 20 sangalemere makilobayiti ochepa.

Anthu ambiri, TV ikakana fayilo ya .mov, amasintha mchira kukhala .mp4 n'kuganiza kuti atembenuza kanemayo. Kulemba "mpunga" pa thumba la chimanga sikusintha zam'thumbamo. MP4 ndi MOV ndi zotengera chabe. M'kati mwake muli zithunzi ndi mawu zomwe zinapanikizidwa mwa njira inayake yotchedwa kodeki, ndipo TV ikamakana, kawirikawiri imakana kodekiyo. Kodeki ya zithunzi yomwe pafupifupi chipangizo chilichonse chimaidziwa ndi H.264, ya mawu ndi AAC, ndipo ziwirizi m'chotengera cha MP4 ndi zomwe YouTube imalangiza. Pali ina yatsopanoko, H.265 kapena kuti HEVC, yomwe imachepetsa fayilo koposa. iPhone imajambula ndi imeneyi mukaisiya pa High Efficiency, pansi pa Settings, Camera, Formats. YouTube imailandira, koma TV ya kutchalitchi kapena laputopu yakale mwina ingotulutsa mawu chithunzi chili bii, kapena kulemba kuti fayilo siikudziwika. Poti kanema wa amayi aja akupita kuwiri, H.264 ndiyo yosavutitsa.

Kuti muone zam'kati, dinani fayilo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Properties, kenako Details. Muona Length, Frame width, Frame height, Total bitrate ndi Frame rate. Kodeki muione mu VLC podina Ctrl ndi J kanema akusewera, kapena mu pulogalamu yaulere ya MediaInfo, yomwe imaulula zonse.

Nambala yomwe imakhudza thumba lanu ndi Total bitrate. Imanena kuchuluka kwa mabiti omwe sekondi iliyonse ya kanema yadya. Masamu ake ndi ophweka: mabiti 8 amapanga bayiti imodzi, choncho kanema wa 8 Mbps amalemera 1 MB pa sekondi, kapena 60 MB pa mphindi. Tiyerekeze kuti mnyamata uja anatulutsa v01 osayang'ana, pulogalamu ili pa 30 Mbps. Mphindi 20 ndi masekondi 1,200. Gawani 30 ndi 8, mupeza 3.75 MB pa sekondi, ndipo mukachulukitsa ndi 1,200 fayilo yafika 4,500 MB, kapena kuti 4.5 GB. Ngati netiweki yake ikukweza pa liwiro la 2 Mbps, fayilo imeneyi itenga maola asanu, netiwekiyo ikapanda kuduka. Ndiye pali fulashi ya amayi. Mafulashi ambiri a 32 GB kutsika m'munsi amabwera atakonzedwa mwa njira ya FAT32, yomwe silandira fayilo yoposa 4 GB. Windows idzanena kuti fayilo yakula kwambiri ngakhale fulashiyo ili yopanda kanthu, ndipo munthu amayamba kuganiza kuti anamugulitsa yabodza. Kuikonzanso kukhala exFAT kumachotsa malirewo, koma kumafufuta zonse zili m'menemo, ndipo ma TV ena akale sawerenga exFAT.

Nanga 30 Mbps imeneyi ikugula chiyani? YouTube imapanikizanso kanema aliyense wobwera, ndipo owonera salandira fayilo yanu yeniyeniyo. Kwa kanema wamba wa 1080p, yemwe ali ndi timadontho 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali, wojambulidwa pa zithunzi 24, 25 kapena 30 pa sekondi, YouTube imalangiza 8 Mbps. Kwa wa zithunzi 50 kapena 60 imalangiza 12 Mbps, ndipo kwa 720p wamba 5 Mbps. Pa 8 Mbps kanema wa kwaya uja alemera 1,200 MB. Mawu pa 384 kbps, womwenso ndi mulingo wa YouTube, awonjezera pafupifupi 58 MB. Zonse pamodzi ndi 1.26 GB, zomwe pa netiweki yomwe ija zikwera pa ola limodzi ndi mphindi 24, ndipo pa fulashi zilowa bwinobwino. Akatsitsa kufika pa 720p, zithunzi zilemera 750 MB.

Manambala amenewa ndi poyambira. Amayi ovala zitenje za maluwa ang'onoang'ono, akuvina, kumbuyo kuli masamba akugwedezeka ndi mphepo, amafuna mabiti ambiri kuposa m'busa woima pa gome kumbuyo kuli khoma loyera. Mabiti akachepa mudzaona maluwa a chitenje akusungunuka n'kukhala timabokosi nthawi iliyonse amayi akatembenuka, kenako n'kubwerera akaima. Mukaona zimenezo kwezani kufika pa 10 kapena 12. Ndipo ngati muyenera kupulumutsa bandulo, chepetsani zithunzi, mawu muwasiye. Mwa 1.26 GB ija mawu atenga 58 MB yokha, ndipo kanema wa kwaya anthu amaukhululukira chithunzi chofooka koma osati mawu olira ngati ali m'chitini.

Nambala ina yofunika ndi Frame rate, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Lamulo lake ndi lakuti mutulutse kanema pa nambala yomwe munajambulira. Kwathu kuno magetsi amayenda pa 50 Hz, ndipo wojambula wodziwa amaika kamera pa 25 kapena 50 kuti mababu a m'tchalitchi asaoneke akuphethira m'kanema. Koma mafoni ndi mapulogalamu ambiri odulira amayambira pa 30. Mukatulutsa kanema wa 25 pa 30, pulogalamu iyenera kupeza zithunzi zisanu zowonjezera pa sekondi iliyonse, ndipo njira yake yachidule ndi kubwereza chithunzi chachisanu chilichonse. Munthu akangoima simuona kanthu. Koma kamera ikamayenda kuchokera kumanzere kwa mzere wa oimba kupita kumanja, chithunzi chimaoneka chikukokakoka, ngati chikupunthwa. Ambiri amanamizira netiweki. Seweretsani fayiloyo pa kompyuta popanda intaneti: kukokako kukakhalapobe, vuto lili m'fayilo, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ku pulogalamu, kuika 25, n'kutulutsa v03. Ichi ndicho chifukwa chake dzina lija lili ndi 1080p25, kuti wolandira adziwe asanatsegule.

Za kukula kwa chithunzi n'zachidule. Kanema wojambulidwa pa 720p sawala mukamutulutsa pa 1080p, amangolemera. Wojambulidwa foni itaimirira mukwezeni choimirira chomwecho, osamuikira mizere yakuda m'mbali, chifukwa YouTube imadzikonzera yokha malo, ndipo mizere mwaiwotcherayo imachititsa kuti pa foni kanema aoneke kakang'ono pakati pa mdima.

Zomwe fayilo imanyamula mobisa

Kanema wochokera m'foni mwachindunji amatha kunyamula tsiku, nthawi, mtundu wa foni, ndiponso malo enieni omwe anajambulidwa, ngati kamera inaloledwa kuona malo. Kwa kwaya yoimba pabwalo la tchalitchi izi zilibe kanthu. Kwa mayi wojambula katundu wogulitsa ali m'nyumba mwake, kapena munthu wojambula zachinyengo kuti atumize kwa atolankhani, nkhani ndi ina. Owonera pa YouTube salandira fayilo yanu, koma mukaitumiza pa Google Drive, pa imelo, kapena pa WhatsApp ngati Document, imapita yonse momwe ilili. Pa iPhone, potumiza dinani Options pamwamba n'kuthimitsa Location. Pa Windows pali Remove Properties and Personal Information pansi pa Details, koma imachotsa zokhazo zomwe Windows ikuziona, choncho mukatero tsegulaninso fayiloyo mu MediaInfo muone ngati manambala a malo achokadi.

Amene saopa kulemba malamulo pamanja angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya FFmpeg:

```
ffmpeg -i v02.mp4 -c copy -map_metadata -1 -movflags +faststart v03.mp4
```

Mawu oti `-c copy` akuuza pulogalamu kuti ikopere zithunzi ndi mawu osazipanikizanso, choncho ntchitoyi imatha msanga ndipo kuwala sikutsika. `-map_metadata -1` akuchotsa zolembedwa zobisika zija. `+faststart` akusamutsira kutsogolo kwa fayilo kandandanda komwe kamauza chosewerera pomwe chithunzi chilichonse chili. Kandandandaka kakakhala kumapeto, chosewerera china chimadikira fayilo yonse itsike kaye chisanayambe kuonetsa kanthu. Mu HandBrake, yomwenso ndi yaulere ndipo ili ndi mabatani, chinthu chomwechi chimachitika mukachonga Web Optimized.

Tatchula WhatsApp, ndiye tinenepo kamodzi. Kanema wotumizidwa ngati kanema wamba amapanikizidwa kwambiri ndipo dzina lake limatayika. Ngati mlembi wa kwaya ndiye akweze kanemayu pa akaunti ya tchalitchi, mnyamata uja amupatse pa fulashi, kapena amutumizire ngati Document, njira yomwe imalola fayilo yofika 2 GB ndipo imasunga dzina ndi kuwala komwe. Fayilo ya 1.26 GB idutsa, ya 4.5 GB ija ayi.

Kwatsala chopunthwitsa chimodzi chomwe Length imakuchenjezani. Akaunti ya YouTube yomwe sinatsimikizidwe ndi nambala ya foni imalola makanema osapitirira mphindi 15. Wa amayiwu ndi wa mphindi 20, ndipo n'zotheka kudikira ola ndi theka akukwera kenako n'kuuzidwa kuti watalika. Mlembi ayambe wapita pa youtube.com/verify, alandire nambala yachinsinsi pa foni, ailembe, kenako akweze. Pokwezapo asankhe Unlisted m'malo mwa Public. YouTube imayamba kukonza kope losawala kwenikweni, la 1080p limabwera pambuyo, ndipo amene athamangira kugawa linki amaonetsa anthu chithunzi chachimbuuzi. 1080p ikaoneka pansi pa Quality, aonere kanema yense ndi mahedifoni, afananize Filename ndi dzina lomwe amayi a mpando anavomereza, alembe mutu m'Chichewa chabwino chokhala ndi zizindikiro zake zonse, kenako asinthe kukhala Public.